Mnzanga anasintha mayina onse m'khodi, koma atigwirabe tonse awiri

*Aphunzitsi, ndine mnyamata wa ku Kasungu, ndili chaka choyamba pa koleji ina komwe ndikuphunzira za makompyuta. Anatipatsa asayimenti ya Python yowerengera kulemera kwa mabelo a fodya kuchokera m'fayilo ya CSV. Ndinalemba ndekha, kupatula kachigawo kotsegula fayilo komwe ndinatenga pa Stack Overflow. Mnzanga laputopu yake inafa, ndiye ndinamutumizira khodi yanga pa WhatsApp kuti angoona mmene ndinachitira. Iye anasintha mayina onse n'kupereka. Pano alekichala akuti MOSS yaonetsa 82 peresenti ndipo atiitana Lachinayi. Makinawo adziwa bwanji pomwe mayina ndi osiyana? Nanga ine ndalakwa chiyani poti ntchito ndi yanga? Ndakutumizirani mafayilo onse awiri.*

Achimwene, mtima m'malo kaye. Kuitanidwa si kugamulidwa, ndipo nambala ya 82 ija payokha siyichotsa munthu sukulu. Ndakhala ndikuchonga maasayimenti a khodi kwa zaka zambiri, ndakhalanso pa mipando ya komiti yomva nkhani ngati yanuyi, ndipo amene amatuluka bwino kawirikawiri ndi amene wabwera akudziwa chomwe makina aona, chomwe sanaone, ndi chomwe iye mwini anachita. Koma sindikunamizani: muli ndi mbali yanu yoti muyankhepo. Tifikako.

Tiyambe ndi makinawo. MOSS ndi pulogalamu yofananitsa khodi za anthu osiyanasiyana kuti ipeze pomwe zafanana. Anaipanga ndi Alex Aiken mu 1994, ndipo lero imayendetsedwa kuchokera ku yunivesite ya Stanford ku America. Ina yodziwika ndi JPlag, ya ku Karlsruhe m'dziko la Germany, yomwe inayamba mu 1996. Zida zimenezi siziwerenga khodi ngati mmene inu ndi ine timawerengera. Ife maso athu amagwera pa mayina ndi makomenti, chifukwa ndi zomwe zili ndi tanthauzo kwa munthu. Chidacho chimayamba ndi kutaya zimenezo, podziwa kuti ndi zomwe wokopera aliyense amathamangira kusintha.

Taganizani za njinga ya kabaza yomwe yabedwa pa Kasungu boma. Wakuba aipaka penti ina, asintha chishalo, amangirira timaluwa pa handulo. Mwini wake akaipeza sayang'ana penti. Amayang'ana felemu. Mnzanu uja anapaka penti.

Ndatenga fankishoni imodzi m'fayilo yanu:

```python
def wapakati(mabelo):
    zonse = 0
    for b in mabelo:
        if b > 0:
            zonse += b
    return zonse / len(mabelo)
```

Ndipo nayi ya mnzanu:

```python
def average(bales):
    # sum the weights
    total = 0
    for w in bales:
        if w > 0:
            total += w
    return total / len(bales)
```

Kwa munthu wongoponyapo maso, izi zikuoneka zosiyana: ina ya Chichewa, ina ya Chingerezi, ina ili ndi komenti. Tsopano tichite zomwe chida chimachita. Chimachotsa makomenti ndi mipata, kenako chimaduladula khodi m'tizidutswa totchedwa matokeni. Mawu a chiyankhulo cha Python, monga `def`, `for`, `if` ndi `return`, amatsala momwe alili, zizindikiro nazonso zimatsala. Koma dzina lililonse, kaya lomwe wolemba anasankha yekha kaya la fankishoni yopezeka kale ngati `len`, limasanduka chilembo chimodzi chomwecho, tinene kuti `V`, ndipo m'chitsanzo changa nambala iliyonse ndiisandutsa `N`. Fankishoni yanu ikadutsa m'chigayo chimenechi imatuluka chonchi:

```
def V ( V ) : V = N for V in V : if V > N : V += V return V / V ( V )
```

Muyese nokha ndi ya mnzanu, pa pepala. Mupeza mzere womwewo, tokeni ndi tokeni, onse 29. Palibe pomwe `mabelo` kapena `bales` akuonekera. Mukafuna kuona mmene Python yeniyeniyo imadulira fayilo yanu, lembani izi pa kompyuta:

```
python -m tokenize asayimenti.py
```

Muona mzere ndi mzere wolembedwa `NAME`, `OP`, `NUMBER`, `COMMENT`. Zida zofananitsa khodi zili ndi kadulidwe kawokawo, koma maganizo ake ndi amenewa. JPlag imapitirira apo: matokeni ake sanena za chizindikiro chilichonse, amanena za zochitika, monga kuti apa fankishoni yayamba, apa valiyebulo yapatsidwa mtengo, apa lupu yayamba, apa yatha. Ndi mafupa okhaokha, opanda mnofu.

Funso lotsatira lomwe ophunzira amandifunsa ndi lakuti: nanga akanasuntha mafankishoni, yapansi n'kuiika pamwamba, n'kuthiramo timizere tina topanda ntchito? Apa ndiye pali nzeru yeniyeni ya zidazi, ndipo ndikhalapo pang'ono.

MOSS siyifananitsa fayilo yonse ndi fayilo yonse ngati chinthu chimodzi. Imatenga mzere wa matokeni uja n'kuudula m'timagulu tolowanalowana. Tinene kuti kagulu kalikonse kali ndi matokeni 5. Nambala imeneyi ndaisankha ine kuti masamu aphweke. Kagulu koyamba ndi tokeni 1 mpaka 5, kachiwiri ndi 2 mpaka 6, kachitatu ndi 3 mpaka 7, choncho mpaka kumapeto. Pa matokeni 29 timapeza timagulu 25. Kagulu kalikonse kamasandutsidwa nambala imodzi yotchedwa hashi, ndipo timagulu tofanana timatulutsa hashi yofanana kulikonse komwe tili, kaya pamwamba pa fayilo kaya pansi. Ndiye chifukwa chake kusuntha mafankishoni sikuthandiza. Mkati mwa fankishoni iliyonse timagulu tija tili momwemo. Tomwe tasokonekera ndi ta m'malire mokha.

Tiyese kuthira mzere wabodza. Mnzanu akanaika `print("ok")` pakati pa `total = 0` ndi `for`, akanaphwanya timagulu tokhato todutsa pamalo pamenepo. Pa timagulu ta matokeni 5, todutsa pa mfundo imodzi ndi 4. Ndiye pa 25 tija, 21 tikadali tofanana ndi tanu, zomwe ndi 84 pa 100 aliyense. Wavutika, waipitsa khodi yake, ndipo nambala yatsika pang'ono chabe. Choipa kwambiri n'chakuti mzere wopanda ntchito woterowo umaonekera kwa wochonga ngati chigamba choyera pa buluku lakuda.

Kusunga hashi iliyonse ya fayilo iliyonse kungalemetse kompyuta, makamaka kalasi ikakhala ya anthu mazana. Choncho MOSS imasankhapo zochepa. Njira yake anaifotokoza Aiken ndi anzake awiri, Saul Schleimer ndi Daniel Wilkerson, mu 2003, ndipo anaipatsa dzina lotanthauza kupeta, ngati mmene amayi amapetera mphale m'lichero. Imayenda chonchi: umayang'ana mahashi angapo otsatizana, tinene 4, n'kusunga laling'ono koposa; usuntha malo amodzi, uyang'ananso 4, usunganso laling'ono. Osungidwawo ndiwo chidindo cha fayiloyo. Ubwino wake ndi wakuti kusankhaku sikwa mwayi. Ngati mafayilo awiri ali ndi chigawo chofanana chotalika mokwanira, onse awiri adzasankha hashi imodzi yomweyo m'chigawo chimenecho. Pa manambala athu aja, kutalika kokwanira ndi 5 kuphatikiza 4 kuchotsa 1, kutanthauza matokeni 8. Chofanana chilichonse chofika matokeni 8 chigwidwa ndithu, pomwe chosakwana matokeni 5 sichiwerengedwa n'komwe, chimapita ndi gaga. JPlag imayenda njira ina: imafunafuna chigawo chachitali koposa chofanana m'mafayilo awiri, kuchiika chizindikiro kuti chisawerengedwenso, n'kufunanso chachitali chotsatira, mpaka zotsala zitafupika kwambiri. Njira n'zosiyana, koma zonse sizisamala za dzina kapena malo.

Inde, munthu angathe kusintha `for` kukhala `while`, kugawa fankishoni imodzi kukhala ziwiri, kutembenuza `if` aliyense, ndipo nambala imatsikadi. Koma wofika pochita zonsezo khodi n'kumayendabe bwino ndiye kuti anali ndi nzeru zokwanira kulemba yekha, ndipo akanamaliza msanga. Ambiri amasintha pamwamba, atopa, pansi n'kusiya momwemo.

Tsopano zomwe makina sadziwa, chifukwa apa ndi pomwe pali mpata wanu.

Choyamba, sadziwa amene wakopera mnzake. Lipoti la MOSS limangondandalika mafayilo awiriawiri, lililonse ndi peresenti yake, ndi chiwerengero cha mizere yofanana, ndipo ukadina umaona mafayilo awiriwo atagundizana, zigawo zofanana zitapakidwa mitundu. Mapelesenti amakhala awiri chifukwa iliyonse ikunena gawo la fayilo imeneyo lomwe lapezeka mwa inzake. Ngati yanu ili ndi mizere yambiri kuposa ya mnzanu, manambala anu sangafanane. Mukafunse kuti 82 ija ndi ya fayilo ya ndani, ndipo inayo ndi zingati. Chachiwiri, sadziwa chifukwa chomwe zinthu zafananira. Eni ake a MOSS amanena okha poyera kuti chida chawo chimangoloza pomwe pafanana, ndipo kugamula kuti wina wabera ndi ntchito ya munthu amene wawerenga khodiyo. Lekichala wopereka chilango pongoona nambala ndiye kuti akugwiritsa ntchito chidacho molakwika. Chachitatu, MOSS siyisakasaka pa intaneti. Imafananitsa mafayilo omwe alekichala aipatsa. Atha kuikamo ntchito za ophunzira a zaka zam'mbuyo, kapena khodi yomwe aipeza okha pa GitHub, koma chomwe sanaike sichifananitsidwa.

Kufanana kosalakwa kumachitika kwambiri chaka choyamba. Asayimenti ikakhala ya mizere 20 kapena 30, njira zoilembera n'zowerengeka. Aliyense anaphunzira `for` pa bolodi limodzi, kwa mphunzitsi mmodzi, ndipo theka la fayilo mwina ndi chimango chomwe alekichala anagawira kalasi yonse. Wodziwa kugwiritsa ntchito MOSS amachotseratu zimenezi:

```
perl moss -l python -b template.py -m 10 -d submissions/*/*.py
```

Apa `-b` akuuza chidacho kuti khodi ya mu `template.py` inaperekedwa kwa onse, isawerengedwe. `-m 10` akutanthauza kuti chigawo chopezeka m'mapulogalamu oposa 10 chitengedwe ngati cha aliyense. Si chipongwe kufunsa mwaulemu ngati chimango cha asayimenti chinachotsedwa asanatulutse nambala ija.

Chaka china ndinaitana atsikana awiri omwe ntchito zawo zinafanana pafupifupi paliponse. Nditayang'ana bwino, ndinapeza kuti ndine amene ndinaiwala kuika `-b`, ndipo chomwe aliyense analemba yekha chinali mizere isanu ndi umodzi yotsanzira chitsanzo changa cha m'kalasi. Ndinapepesa. Semesita yomweyo, anyamata ena awiri anali pansi ndithu pa mndandanda, nambala yawo yosaopsa, koma onse awiri anali ndi valiyebulo imodzi yomwe inapatsidwa mtengo osagwiritsidwanso ntchito, pamalo amodzimodzi, ndipo uthenga wawo wa pa sikirini unali ndi liwu limodzi lolembedwa molakwika mofanana. Amenewo anavomera tisanamalize n'komwe kukambirana. Kuyambira pamenepo nambala ndimaitenga ngati mlozo wondiuza fayilo yoti nditsegule, basi. Chomwe ndimafuna ndi chipsera, pomwe felemu inathyoka n'kuwotcheredwa. Anthu awiri akhoza kulondola mofanana, koma kulakwitsa mofanana, pamalo amodzi, m'njira yachilendo, n'kosowa kwambiri.

Ndiye ndikuuzeni zomwe ndaona m'mafayilo anu, poti alekichala anu aziona kale. Fankishoni ija ili ndi chipsera. Mukuphatikiza mabelo okhawo olemera kuposa 0, zomwe ndi nzeru yabwino, chifukwa 0 m'fayilo ndiye kuti belo silinayezedwe. Koma pogawa mukugawa ndi `len(mabelo)`, kutanthauza mabelo onse, ndi osayezedwa omwe. Ipatseni `[90, 100, 0, 110]`. Kuphatikiza kukupatsani 300, kugawa ndi 4, yankho `75.0`. Yankho loona ndi 100, chifukwa mabelo oyezedwa ndi atatu. Mlimi wonyamula mabelo ake kupita ku Chinkhoma atamva kuti akulemera makilogalamu 75 m'malo mwa 100 angakuthamangitseni. Cholakwika chimenechi chili mwa mnzanu momwemo. Komanso pafupi ndi mapeto a fayilo yake, yomwe yonse ndi ya Chingerezi, mwatsala mzere uwu:

```python
print("Fayilo sinapezeke")
```

Anaiwala kuupaka penti. Zinthu ziwirizi zikutseka khomo lonena kuti zangochitika mwangozi, ndiye musayese n'komwe kulowera kumeneko. Koma mzere wa Chichewawo ukukuthandizaninso, chifukwa ukuonetsa komwe khodi inachokera ndi komwe inapita.

Tifike pa funso lanu lachiwiri. Ntchito ndi yanu, inde, ndipo palibe amene anganene kuti munakopera kwa mnzanu. Koma m'malamulo a makoleji ambiri, kupereka ntchito yako kwa mnzako pa asayimenti yomwe aliyense amayenera kuchita payekha ndi mlandu pawokha, ngakhale iwe sunakopere kalikonse. Ndikudziwa mtima womwe munachitira. Tinakula tikumva kuti mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo munthu amene laputopu yamufera sabata yopereka asayimenti wapsadi ndevu. Kungoti madzi omwe munazimira ndi omwe anali olakwika. Mukanamubwereka laputopu usiku umodzi, fayilo yanu mutaichotsamo, kapena kumuperekeza kwa alekichala kukapempha masiku owonjezera, panalibe mlandu. Asayimenti cholinga chake ndi kuyeza ngati munthu uyu angathe kulemba lupu yekha. Fayilo ikangofika pa foni yake, muyeso umenewo wafa, kaya munamuuza kuti angoona kaya ayi. Ndipo munthu wopanikizika, nthawi itamuthera, yankho lili m'manja, sangoona.

Malire omwe ndimauza ophunzira anga ndi osavuta kukumbukira. Kambiranani ndi pakamwa mmene mungafunire: vuto likufuna chiyani, uthenga wa `IndexError` ukutanthauza chiyani, bwanji osayamba ndi kuwerenga fayilo kenako masamu. Jambulani pa pepala mabokosi ndi mivi. Koma pobalalika pasakhale wonyamula khodi, kaya pa fulashi, pa chithunzi cha sikirini kapena pa pepala, ndipo aliyense apume kaye asanakhale pa kompyuta yake. Chomwe chatsala m'mutu mutadya nsima ndi chanu. Anthu okambirana motere amatha kufanana njira, koma matokeni awo amasiyana: wina agwiritsa `sum()`, wina lupu, wina ayamba wasefa maziro. Ngati mnzako akukupempha kuti umuthandize kupeza cholakwika, yang'ana pa sikirini yake, osati iye pa yako, ndipo manja ako asakhudze kiyibodi.

Nanga kachigawo ka pa Stack Overflow kaja? Apa ophunzira ambiri amasokonezeka, chifukwa amamva kuti akatswiri pa ntchito amatenga khodi ya ena tsiku ndi tsiku. N'zoona, ndipo wolemba pulogalamu amene amakana kugwiritsa ntchito zomwe zilipo kale amangotaya nthawi ya abwana ake. Koma pali zilolezo ziwiri zosiyana zomwe anthu amaziphatikiza. China ndi cha mwini khodi, chomwe chimalembedwa m'layisensi. Mayankho a pa Stack Overflow ali pansi pa layisensi ya CC BY-SA, yomwe imalola kutenga koma imafuna kuti utchule mwini wake, ndipo ukagawa zomwe wasinthazo uzigawe pa layisensi yomweyo. Layisensi ya MIT, yomwe ndi yofala pa GitHub, imalola pafupifupi chilichonse bola usachotse mawu a umwini ndi a chilolezocho. Chilolezo chinacho ndi cha amene wapereka asayimenti. Mwini khodi akhoza kukulola ndi mtima wonse, alekichala n'kukana, ndipo m'kalasi mawu a alekichala ndi omwe amagwira ntchito. Layisensi imakuteteza kwa mwini khodi. Siyikuteteza ku komiti.

Ine ndikaona khodi yobwereka m'ntchito ya wophunzira ndimadzifunsa kaye ngati chobwerekedwacho ndi chomwe ndimayeza. Ndikakuuza kuti ulembe pulogalamu yondandalika alimi potsata kulemera kwa fodya wawo, kuitana `sorted()` ndi nzeru, ndipo sufunika kutchula aliyense chifukwa ndi chiwiya cha chiyankhulocho. Koma ndikakuuza kuti ulembe wekha njira yosanjira manambala, `sorted()` yomweyo yasanduka likasa. Mzere ndi umodzi, chasintha ndi funso. Pa asayimenti yanu, ngati mamalikisi ambiri ali pa masamu a mabelo ndipo kutsegula fayilo ndi khomo longolowera, kubwereka mizere isanu yotsegulira CSV si nkhani yaikulu. Ngati pepala la asayimenti linanena kuti kuwerenga fayilo ndi gawo lochongedwa, kapena kuti khodi ya pa intaneti siyiloledwa, ndiye nkhani ina. Kaliwerengeninso pepalalo usiku uno, liwu ndi liwu.

Kenako ndimayang'ana ngati wanena. M'fayilo yanu simunanene, ndipo apa ndi pomwe kanthu kakang'ono kamakula. Kukanangofunika komenti ya mizere iwiri pamwamba pa fankishoniyo, yonena kuti mizere yakutiyakuti yachokera pa yankho la pa Stack Overflow, adiresi yake nayi, tsiku lomwe ndinatenga nali, ndipo ndasinthapo chakuti. Wophunzira wotero, ngakhale alekichala atapanda kukondwa, choipa kwambiri chomwe chimachitika kawirikawiri ndi kusapatsidwa mamalikisi pa gawo limenelo. Sananame. Mlandu wa kubera umagona pa kuonetsa ngati chako chinthu chomwe si chako. Ndipo kusintha mayina m'khodi yobwereka osatchula komwe yachokera kumaipitsa zinthu, chifukwa kumasonyeza kuti umadziwa ndipo umabisa.

Chomaliza ndimafunsa ngati akuimvetsa. Mukatenga `with open(...) as f:` ndi `next(reader)`, muzitha kundiuza chifukwa chomwe `next` ali pamenepo, kuti akudumpha mzere woyamba wa mitu, ndi chomwe chingachitike nditauchotsa.

Pali kamsampha kena komwe mudzakumane nako m'tsogolo: ntchito yanu yomwe ya chaka chatha. Munthu akabwereza kosi, kapena akapeza asayimenti yofanana m'kosi ina, amaganiza kuti sangadzibere yekha. Makoleji ambiri salola kuti ntchito imodzi ilandire mamalikisi kawiri popanda chilolezo, ndipo ngati mafayilo akale anaikidwa m'chida chija, mudzafanana ndi inu mwini pafupifupi 100 peresenti. Kufunsa kumatenga mphindi imodzi. Momwemonso, musaike yankho la asayimenti pa GitHub poonekera aliyense kosi isanathe. Wina wosamudziwa akalitenga, oitanidwa mukhala awiri.

Tsopano za Lachinayi. Musafufute mauthenga a pa WhatsApp. Ndikudziwa kuti chala chikuyabwa, koma uthenga umenewo ndi mboni yanu yaikulu: ukuonetsa tsiku, ola, amene anatumiza, ndi mawu omwe munalemba potumiza. Ngati munalembadi kuti angoona, komiti iwerenge yokha. Sonkhanitsani chilichonse choonetsa kuti khodiyo inakula m'manja mwanu: mafayilo akale osamaliza, mapepala omwe munajambulapo, imelo yomwe munadzitumizira poopa kuti magetsi azima. Mukanakhala mukugwiritsa ntchito Git, lamulo la `git log` likanaonetsa ntchito yanu tsiku ndi tsiku, ndipo ndikukulangizani kuti asayimenti yotsatira muyambe ndi `git init`. Fayilo yomwe munapereka musaikhudze, musaisevenso, chifukwa tsiku lake lisintha ndipo mudzaoneka ngati mumakonza umboni.

Musakhale pansi ndi mnzanu kupangana chonena. Anthu amafunsidwa payekhapayekha, ndipo nkhani yopangana imasweka pa funso lachitatu. Muuzeni chabe, maso ndi maso, kuti inu mukanena zomwe zinachitika, ndipo ndi bwino nayenso atero. Zimawawa, koma kumubisa kungasandutse inu wothandiza molakwika kukhala wonamiza komiti, ndipo pa ziwirizi chachiwiri n'cholemera. Za Stack Overflow zija muyambe ndinu kuzitchula asanakufunseni, adiresi ya tsambalo ili m'manja.

Pezani kabuku ka malamulo a ophunzira a pa koleji yanu, muwerenge gawo la kubera ndi kuthandizana mosaloledwa. Zilango zimasiyana malo ndi malo, kuyambira chenjezo, ziro pa asayimenti, kulephera kosi, mpaka kuimitsidwa, ndipo kawirikawiri amayang'ana ngati ndi koyamba komanso ngati munthu wavomera msanga. Ngati Lachinayi ndi kukambirana chabe ndi alekichala mu ofesi yawo, pitani nokha. Koma mukalandira kalata yokuitanani ku komiti ya mwambo, kapena mukamva mawu oti kuimitsidwa, musapite nokha musanalankhule ndi mlangizi wanu wa maphunziro, ofesi yoona za ophunzira, kapena a bungwe la ophunzira. Funsani ngati mukuloledwa kubwera ndi wokuperekezani, pemphani kuona lipoti lenilenilo osati nambala yokha, musasayine pepala lomwe simunaliwerenge, ndipo mudziwe masiku omwe muli nawo ochitira apilo. Ngati amene amakulipirirani fizi ndi makolo kapena amalume, ndi bwino amve kwa inu, osati kwa kalata. Ndipo nkhaniyi ikakulandani tulo ndi chakudya kwa masiku, kaonaneni ndi aphungu a pa koleji. Amenewo saweruza milandu.

Ndikanakhala ine wokufunsani, ndikanakupatsani cholembera n'kunena kuti mundiyendetse m'fankishoni ija ndi manambala anayi aja, kenako ndikufunseni chifukwa chomwe yatulutsa 75. Wolemba weniweni amakanda mutu, amaseka, n'kukonza. Wokopera amayang'ana kudenga. Ndiye konzekerani, pa fayilo ina yapadera:

```python
def wapakati(mabelo):
    oyezedwa = [b for b in mabelo if b > 0]
    return sum(oyezedwa) / len(oyezedwa)
```

Iyi ikupatsani `100.0`. Koma ndasiyamo dala vuto limodzi. Ipatseni `[0, 0]`, muone uthenga womwe Python ikulembereni, ndipo mufike Lachinayi mukudziwa mzere womwe mungawonjezere ndi malo ake.